Masiku atatu ku Lilongwe: mmene ndondomeko ya ulendo wa bizinesi imamangidwira

Munthu wa bizinesi wa ku Blantyre akanena kuti akupita ku Lilongwe kwa masiku atatu, amaganiza kuti ali ndi masiku atatu athunthu ogwirira ntchito. Atakhala pansi n'kuwerengera, apeza kuti alibe. Kuchokera ku Blantyre kukafika ku Lilongwe pa msewu wa M1, kudzera pa Zalewa, Ntcheu ndi Dedza, ndi makilomita opitirira pang'ono 300, ndipo basi imayenda maola anayi ndi theka kapena asanu. Wonyamuka 7 koloko m'mawa amatsika cha m'ma 12 koloko, nthawi imene maofesi akutsekera nkhomaliro. Tsiku loyamba latsala ndi maola atatu. Lachiwiri lake lili ndi maola asanu ndi awiri. Lomaliza lili ndi m'mawa wokha, chifukwa masana basi ikudikira. Onse pamodzi ndi maola 14, ndipo mukachotsapo oyenda m'tauni ndi odikira pa benchi la alendo, otsala ndi pafupifupi 10.

M'maola 10 mumalowa misonkhano isanu yochitika bwino. Wolembamo isanu ndi inayi amabwerera kwawo atapereka moni kwa anthu ambiri koma asanamalize kanthu ndi aliyense.

Tiyerekeze mayi amene ali ndi kampani yaing'ono yopanga chiponde ku Limbe. Akufuna kuti mabotolo ake ayambe kugulitsidwa m'sitolo ina yaikulu ku Lilongwe. Anthu oti awaone ndi awa: woona zogula katundu m'sitoloyo, amene ofesi yake ili ku Old Town, wogulitsa mtedza wapikulitsa amene ali ndi nyumba yosungiramo katundu ku Kanengo, mwini lole woti azinyamula matumba kupita nawo ku Limbe, woona za ngongole pa banki ku City Centre, ndi ofesi ina ya boma ku Capital Hill kumene akufuna kukasiya mapepala. Anthu asanu, madera anayi a mzinda.

Funso loyamba si lakuti ayambe kuona ndani. Funso loyamba ndi lakuti: pa anthu asanuwa, ndi uti amene akapanda kuonana naye ulendo wonse wapita pachabe? Kwa mayi wathu ndi wa kusitolo. Iye akavomera kutenga makatoni akutiakuti pa mwezi, m'pamene kuchuluka kwa mtedza wogula kumadziwika, ndipo m'pamenenso pamakhala choti akaonetse ku banki. Msonkhano umenewu ndiwo nsanamira ya pakati, ndipo ina yonse imatsamira pa iwo. Uyenera kupemphedwa poyamba, masabata awiri ulendo usanachitike, ndipo tikiti ya basi igulidwe pokhapokha tsiku lake litatsimikizika.

Malo ake ndi m'mawa wa tsiku lachiwiri. Tsiku loyamba ndi loopsa chifukwa msewu ungakuchedwetseni: lole ingagwe pa phiri, basi ingaime nthawi yaitali pa rodibuloko ya pa Zalewa, ndipo m'miyezi ya Juni ndi Julayi chifunga cha ku Dedza chimachititsa madalaivala kuyenda pang'onopang'ono. Tsiku lomaliza ndi loopsa mwa njira ina: bwana akati “bwerani mawa”, inu mawa mulibe. Mukauika m'mawa wa tsiku lapakati, mwagona mumzindamo kale, ndipo ukalephereka mukadali ndi masana ake komanso m'mawa wotsatira.

Masiku abwino ndi Lachiwiri, Lachitatu ndi Lachinayi. Lolemba m'mawa mabwana ambiri amakhala m'misonkhano ya m'maofesi mwawo. Lachisanu masana anthu amayamba kuchepa pa madesiki, ndipo eni masitolo ambiri a ku Old Town amene ndi Asilamu amatseka masana kupita ku mzikiti. Muyang'anenso kalendala ya maholide: 15 Januwale, 3 Malichi, 1 Meyi, 14 Meyi, 6 Julayi ndi 15 Okutobala maofesi satsegula, ndipo tsiku lotere likagwera Loweruka kapena Lamlungu, holide imasamukira Lolemba. Sabata imene ili ndi holide pakati si yoyendera bizinesi, chifukwa anthu amalumikiza masikuwo n'kupita kumudzi.

Mzinda womwazikana

Chimene chimasokoneza alendo ochokera ku Blantyre ndi kamangidwe ka Lilongwe. Likulu la dziko linasamukira kumeneku kuchoka ku Zomba mu 1975, ndipo mzinda watsopanowo unamangidwa m'zigawo zotalikirana, zokhala ndi tchire pakati. Old Town, kumene eni mzinda amangoti m'tauni, kuli msika waukulu, depoti ya basi ndi masitolo ambiri. City Centre ndi Capital Hill zili makilomita angapo kumpoto kwake, ndipo kumeneko ndiko kuli Nyumba ya Malamulo, Reserve Bank ndi maunduna. Kanengo, dera la mafakitale ndi nyumba zosungiramo katundu, lili kumpoto kwenikweni, makilomita opitirira 10 kuchokera m'tauni, pa msewu wopita ku bwalo la ndege la Kamuzu.

Manambala a madera asakunamizeni. Sasonyeza kuyandikana. Area 3 yagundana ndi Area 9, Area 18 ili pafupi ndi Area 47 ndi Area 49, pamene Area 25 ili kutali, cha ku Kanengo. Munthu akakuuzani kuti ofesi yake ili ku Area yakutiyakuti, mufunseni chizindikiro: pafupi ndi filing'i siteshoni iti, nyumba ya mtundu wanji, geti lotani. Mupempheni akutumizireni malowo pa foni tsiku lisanafike. Kufunafuna geti ku Kanengo, kumene mipanda ya njerwa imafanana ndipo ambiri salemba dzina panja, kumadya theka la ola mosavuta.

Chifukwa cha kutalikiranaku, misonkhano iyenera kuunjikidwa potsata dera. Amene ali ku Kanengo aonedwe ulendo umodzi. Banki ya ku City Centre ndi ofesi ya ku Capital Hill ziyendere limodzi, popeza n'zoyandikana. Koma dera lokha silikwanira, palinso dongosolo la nkhani: zina ziyenera kudziwika zina zisanakambidwe. Mayi wathu sangatchule mtengo wa botolo kwa wa kusitolo asanadziwe mtengo wa thumba la mtedza ndi wa lole. Sangapitenso ku banki asanamve yankho la kusitolo. Mwamwayi, pa ulendo uwu zinthu ziwirizi zikugwirizana: Kanengo poyamba, Old Town pakati, City Centre pambuyo. Zikapanda kugwirizana, ine ndimati dongosolo la nkhani lipambane, ngakhale zitanthauze kulipira takisi kawiri.

Lachiwiri: msewu ndi Kanengo

Basi yonyamuka 7 koloko imafuna kuti munthu afike pokwerera 6:30. Mayi wathu atsika ku Lilongwe cha m'ma 12 koloko, apita kumalo ogona kukasiya chikwama, adya, ndipo 1:15 anyamuka kupita ku Kanengo kuti 2 koloko akhale atafika. Pakati pa kutsika basi ndi msonkhano woyamba pali maola awiri, ndipo achita kuikidwa dala. Basi ikachedwa ndi ola limodzi, chimene chitayike ndi nkhomaliro yokhala pansi, osati msonkhano.

Kwa wogulitsa mtedza apatula ola limodzi ndi theka. Pepala la mitengo akanatha kulilandira pa foni ali ku Limbe. Chimene wabwerera ndi kuona mtedzawo ndi maso. Akufuna matumba 40 a makilogalamu 50, omwe ndi matani awiri, choncho ayenera kumasulitsa matumba angapo, osati apamwamba okha, kupisa dzanja mpaka pakati, kuona ngati mtedza ndi wouma, ngati mulibe wofwifwa, wosweka kapena wa chuku. Chuku cha mtedza chimabala poizoni amene angachititse kuti chiponde chikanidwe poyezedwa, ndiye ntchito imeneyi siyothamangira. Atenge pang'ono m'kathumba kuti akayezetse. Nthawi ya 3:30 akumana ndi mwini lole komweko ku Kanengo, nkhani ya theka la ola: mtengo wa ulendo, tsiku lonyamula, amene alipire onyamula matumba ndi ndalama za pa zipata zolipiritsa za Kalinyeke ndi Chingeni. Ikamakwana 4:15 akhale atatuluka, anthu a m'mafakitale asanaweruke n'kudzaza msewu. M'nyengo ya msika wa fodya, kuyambira cha mu Epulo, malole opita ku okushoni amachulukanso m'dera limeneli, ndiye muonjezere mphindi zina pa kuwerengera kwanu.

Madzulo a tsiku loyamba si opita kocheza. Ndi nthawi yotenga mitengo iwiri ija, ya mtedza ndi ya lole, n'kuiphatikiza ndi ya mabotolo, magetsi ndi antchito, kuti mawa alowe mu ofesi ya kusitolo akudziwa mtengo umene aufuna ndi mtengo umene sangatsikenso pansi pake. Ndi nthawinso yotsimikizira za mawa. Ndi bwino kuimbira mlembi wa bwana masana, ofesi isanatsekedwe: “Amayi, ndine uja wa ku Limbe, tinapangana za mawa 9 koloko. Ndafika mumzinda muno. Ndimati ndimve ngati bwana adzakhalepo.” Mlembi ndiye amadziwa ngati bwana waitanidwa ku msonkhano kunyanja, ndipo amanena msanga kwa munthu amene wamulemekeza.

Za malo ogona, lamulo langa ndi limodzi: gonani kumbali kumene kuli msonkhano wa m'mawa wa tsiku lapakati. Mtsinje wa Lilongwe umadula Old Town pakati, msika ndi depoti tsidya lina, Area 3 ndi Area 4 tsidya lina, ndipo pa mlatho magalimoto amathinana m'mawa ndi madzulo. Chipinda chotchipa chimene chili tsidya lolakwika chimabweza ndalama yomwe mwapulumutsa ija kudzera m'takisi ndi m'kuchedwa. Pobwereka chipinda mufunsenso ngati ali ndi jenereta kapena sola komanso thanki ya madzi. Foni yopanda moto m'mawa wa Lachitatu ingakutayitseni msonkhano.

Lachitatu: tsiku lolemera

Msonkhano wa kusitolo ndi wa 9 koloko. Mayi wathu afike 8:40, ali ndi mabotolo achitsanzo, satifiketi ya Malawi Bureau of Standards, pepala la kulembetsa kwa kampani ndi la msonkho la MRA, lililonse lojambulitsa kawiri. Nkhani yeniyeni mwina itenga mphindi 40, koma pa ndondomeko alembe kuti msonkhano utha 10:30. Woona zogula m'sitolo amakhala ndi anthu ena pa mzere, amaitanidwa kukalandira katundu, ndipo nkhani ikayenda bwino angafune kuitana woona za ndalama kuti akambirane za masiku olipirira. Choipa kwambiri ndicho kuyamba kuyang'ana wotchi pamene munthu amene mwamuyendera makilomita 300 wayamba kumasuka.

Apa pali kusiyana kumene anthu ambiri sakuganizira polemba ndondomeko. Misonkhano ina ndi yokhomerera, ina ndi yosunthika. Wa kusitolo ndi wa ku banki ndi yokhomerera: pali munthu amene wapatula nthawi yake. Kukasiya mapepala ku Capital Hill n'kosunthika: chofunika n'chakuti ofesi ikhale yotsegula ndipo wolandira mapepala akhalepo. Choncho mayi wathu aikira ntchito imeneyi malo awiri, 11:15 kapena 3 koloko. Akatuluka msanga kusitolo, apita m'mawa womwewo, n'kufika nkhomaliro ya 12 koloko isanakwane. Akachedwa, apita masana atachoka ku banki. Chachikulu n'chakuti mapepala alowe Lachitatu, kuti ngati pasowa sitampu kapena siginecha, Lachinayi m'mawa akonze. Ku Capital Hill nyumba za maunduna n'zofanana maonekedwe, ndiye afunsiretu dzina la nyumba ndi nambala ya chipinda, ndipo chiphaso cha unzika chikhale m'manja pofika pa geti.

Ku banki ndi 1:30. Nthawi imeneyi yasankhidwa chifukwa woona za ngongole wabwerako ku nkhomaliro, ndipo ngati pangafunike kuchita kanthu pa kauntala, zitseko zikadali zotsegula. Mabanki amatsekera anthu msanga kuposa maofesi ena. Pakati pa 12 koloko ndi 1:30 pali mpata, ndipo mpata umenewu uli ndi ntchito yake. Ndi pamene mayi wathu akhala pansi n'kulemba zimene agwirizana kusitolo zikadali m'mutu: makatoni angati, mtengo wanji, kulipira pakapita masiku angati. Atumiza uthenga wachidule kwa wa kusitolo wobwereza mfundozo, kuti pakhale cholembedwa. Kenako asintha manambala a pa pepala lopita nalo ku banki kuti agwirizane ndi zimene zatuluka m'mawa.

Nanga ayende pa chiyani? Minibasi ndi yotchipa koma imadikira kudzaza, ndipo kuchoka m'tauni kupita ku ofesi ya mkati mwa Kanengo kumafuna kutsika n'kuyendanso pansi. Kabaza wa njinga yamoto amadutsa pamene magalimoto aima, koma si wa munthu wonyamula katoni ya mabotolo, ndipo m'dzinja mumafika mutanyowa. Pa tsiku ngati Lachitatu, chanzeru ndi kupangana ndi dalaivala mmodzi wa takisi kuti akhale wanu tsiku lonse, mtengo n'kugwirizana usiku wake. Mumuonetse ndondomeko yonse: “Achimwene, 8 koloko mudzanditenge pano, 10:30 mudzandipeze pa sitolo paja.” Dalaivala wa mumzindamo amadziwa msewu umene ukukonzedwa sabata imeneyo ndi njira yolambalala, zimene mlendo sangazidziwe. Mafuta akamavuta, mufunseni ngati ali ndi okwanira tsiku lonse, kuti ola lanu lisathere pa mzere wa pa filing'i siteshoni. Ndalama zikhale mbali ziwiri, zina m'thumba, zina mu Airtel Money kapena Mpamba, poti netiweki ikagwa pamafunika za m'manja.

Nkhani ya achibale siyenera kubisidwa, chifukwa ndi imene imaphwasula ndondomeko zambiri za Amalawi. Mukafika ku Lilongwe, azakhali a ku Area 25 amva, ndipo kubwerera osawaona ndi mlandu. Ndi bwino kuwapatsa nthawi yawoyawo, yolembedwa ngati msonkhano wina uliwonse: Lachitatu madzulo, ntchito zolemera zitatha. Muwauziretu kuti mufika 5:30 ndipo muchoka 8 koloko. Chosayenera ndi kuwalowetsa pa mpata wa masana, chifukwa kwa azakhali simungadye n'kuimirira pakutha pa mphindi 40, ndipo simuyeneranso kutero. Katundu wotumidwa ndi anzanu a ku Blantyre, uyu kalata, uyu phukusi, muuze eni ake adzatengere kumalo kumene mukugona.

Lachinayi: m'mawa wosalembedwa kanthu

Pa ndondomeko ya mayi wathu, kuyambira 8 koloko mpaka 11:30 Lachinayi palibe dzina la munthu. Ambiri akaona malo oyera chonchi amafuna kuikapo msonkhano wachisanu ndi chimodzi. Ine ndikuti asiyidwe choncho, chifukwa maola amenewa ndi amene amapulumutsa masiku awiri apitawo.

Tione mmene amagwirira ntchito. Tinene kuti Lachiwiri masana mlembi uja wayankha kuti bwana wapita ku maliro ndipo abwera Lachitatu usiku. Mayi wathu apempha 8:30 Lachinayi, ndipo atha kutero molimba mtima popeza malowo alipo. Lachitatu m'mawa, mmene munayenera kukhala msonkhano wa kusitolo, apita ku Capital Hill, ofesi zitangotsegulidwa. Ku banki apitabe 1:30, n'kufotokoza kuti kalata ya mgwirizano ibwera pambuyo. Amva zonse zofunika pa ngongole ndipo adzaza mafomu. Wogulitsa mtedza amuimbira kuti asunge matumba aja mpaka Lachinayi masana. Ulendo wapindika koma zonse zisanu zachitika. Akanakhala kuti Lachinayi analidzaza kale, akanayenera kusankha pakati pa kukhumudwitsa munthu wina ndi kulipira chipinda usiku wachitatu.

Zonse zikayenda monga mwa pangano, m'mawa umenewu ndi wobwerera ku Kanengo kukapereka chikole cha mtedza n'kulandira lisiti, kapena kukatenga pepala ku Capital Hill. Zimenezonso zikatha msanga, pamenepo ndiye pali nthawi yopuma yeniyeni, ndipo ndi bwino kuithera pafupi ndi njira yopita kokwerera basi. Chiliza cha Kamuzu Banda chili pafupi ndi Nyumba ya Malamulo ndipo munthu amachiona m'theka la ola. Lilongwe Wildlife Centre, malo osamalirako nyama zakutchire zopulumutsidwa, ali pakati pa City Centre ndi Old Town, ndipo ali ndi tinjira toyenda pansi pa mitengo m'mbali mwa mtsinje wa Lingadzi. Chipinda chikhale chitatulukidwa m'mawa, chikwama chili m'galimoto, kuti pasakhale kubwereranso.

Za ulendo wobwerera, tikiti igulidwe limodzi ndi yopita, ndipo nthawi yeniyeni yonyamukira muifunse ku kampani ya basi sabata yomweyo, poti imasinthasintha. Woyenda pa galimoto yake anyamuke 1 koloko isanakwane. Dzuwa kuno limalowa cha m'ma 6 koloko, m'miyezi yozizira msanga kuposa apo, ndipo M1 usiku imakhala ndi njinga zopanda nyali, anthu oyenda m'mphepete ndi malole oima opanda chizindikiro. Pa Lizulu ndi pa mphambano ya Tsangano, makamaka tsiku la msika, magalimoto amayenda ngati akukwawa, ndipo woima kugula mbatatesi ndi kabichi awerengere mphindi 20 zina.

Ena afunsa za ndege. Kuchoka pa Chileka kukatera pa bwalo la Kamuzu sikukwana ola limodzi, koma mukaphatikiza ulendo wopita ku Chileka, kufika msanga pa bwalo, ndi makilomita pafupifupi 25 ochoka ku Lumbadzi kulowa mumzinda, khomo ndi khomo ndi maola atatu kapena kuposerapo. Mwapulumutsa maola awiri mbali iliyonse, pa mtengo wokwera kangapo kuposa wa basi. Kwa mayi wathu phindu lake lenileni ndi lakuti Kanengo ili pa njira yochokera ku bwalo la ndege: akatera m'mawa, angayambire kwa wogulitsa mtedza asanalowe n'komwe mumzinda, ndipo masana a Lachiwiri angakasiye mapepala ku Capital Hill, tsiku limodzi msanga.

Ndondomeko yonseyi ikwane pa pepala limodzi: tsiku, nthawi yonyamuka, nthawi ya msonkhano, dzina ndi nambala ya munthu, nambala ya mlembi wake, chizindikiro cha malo, ndi mapepala oyenera kunyamula. Nthawi yonyamuka ilembedwe mochindikala kuposa ya msonkhano, chifukwa ndi imene ili m'manja mwanu. Pepala limodzi likhale m'chikwama, lina kwa dalaivala, lina kwa amene watsala akuyang'anira fakitale ku Limbe, kuti adziwe maola amene angaimbe foni ndi amene sayenera kuimba.